Mfumu, Khansala ndi Mbuzi ya Chindapusa

M'midzi yambiri ya m'dziko la Malawi muli lamulo lakuti mayi woyembekezera akachirira kunyumba kapena panjira, osati kuchipatala, banja lake lilipire chindapusa kwa mfumu. Kwina amalipira nkhuku, kwina mbuzi, kwinanso ndalama. Lamuloli silidalembedwe m'buku la malamulo a dziko. Nyumba ya Malamulo sidalikambirane, ndipo kawirikawiri khonsolo ya bomalo imakhala isadalivomereze. Chikhalirecho, lamuloli limaopedwa kuposa malamulo ambiri amene adasindikizidwa ku Zomba ndi ku Lilongwe. Anthu ena amati akaona mphamvu yotereyi amafulumira kunena kuti makhansala ndi opanda phindu, ndipo kuti kukadakhala bwino mafumu akadapatsidwa voti m'khonsolo kapenanso kusiyiridwa ulamuliro wonse wa kumudzi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo mbuzi ya chindapusayo ndiyo ikuonetsa poyera pamene pagona kulakwikako.

Poyamba nkofunika kudziwa mmene malamulo adagawira mipando iwiriyi. Lamulo la mafumu la m'chaka cha 1967 limazindikira mfumu yaikulu ya mtundu, monga Inkosi ya Makosi M'mbelwa, Inkosi ya Makosi Gomani, Lundu ndi Kyungu, ndipo pansi pake pali mafumu andodo ndi achiwiri awo, magulupu ndi nyakwawa. Onsewa amalowa ufumu kudzera m'magazi, mbumba kapena banja lachifumu likagwirizana. Khansala, mbali inayi, amasankhidwa ndi anthu a m'wodi yake pachisankho, ndipo mpando wake udakhazikika pa lamulo la maboma aang'ono la m'chaka cha 1998. Pamsonkhano wa khonsolo mafumu andodo amakhala nawo ndipo amayankhula momasuka, koma saponya voti. Oponya voti pa ndondomeko ya zachuma, pa chitukuko ndi pa malamulo aang'ono a m'boma ndi anthu osankhidwa. Apa ndi pamene pamachokera dandaulo lakuti Gogo Chalo, amene amalamulira anthu zikwi zambirimbiri, amangokhala ngati mlendo pamene mnyamata amene adamuona akubadwa akukweza mkono kugamula za dera lake.

Dandauloli si lopanda pake, ndipo wolitsutsa ayenera kuyamba walimvetsa. Mfumu imagona m'mudzi momwemo. Imadziwa malire a munda uliwonse, imadziwa mwana wamasiye aliyense, ndipo maliro akagwa usiku, uthenga umayamba wafika pakhomo pake. Akale ankati mfumu ndi dzala, chifukwa zonyansa zonse za m'mudzi zimatayidwa kwa iyo. Khansala sakhala wotero nthawi zonse. Alipo makhansala amene adapambana chifukwa cha mtundu wa nsalu ya chipani chawo, osati chifukwa cha nzeru zawo. Alipo amene adangoti atasankhidwa nkusamukira paboma, kumudzi nkumaonekako pa njinga yamoto pokhapokha pakakhala mwambo wotsegulira mjigo. Palinso vuto lakuti malire a mawodi satsata malire a mafumu, kotero kuti wodi imodzi ikhoza kudya mbali ya mafumu awiri, ndipo mfumu imodzi ikhoza kukhala ndi makhansala angapo osamvana. Munthu wa kumudzi akati amakhulupirira mfumu kuposa khansala, sakunena zamisala.

Nawonso amene amakweza ufumu ali ndi umboni wooneka. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene idamwalira m'chaka cha 2025, idathetsa maukwati a ana ochuluka zedi ndi kubwezera atsikana kusukulu. Idachita izi pogwirizana ndi mafumu ake aang'ono kuti aleke kuvomereza maukwati otere, ndipo amene adanyozera idawaimitsa paufumu kufikira atakonza cholakwacho. Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu idatchuka pa nkhondo yolimbana ndi imfa za amayi pobereka. Palibe khansala amene akadachita zotere ndi mawu ake okha, chifukwa ankhoswe, anamkungwi ndi azamba amamvera bwalo la mfumu, osati ofesi ya khonsolo. Izi nzoona ndipo sizifuna kubisa.

Koma ulamuliro wa dziko sumangidwa poyang'ana mfumu yabwino koposa. Umamangidwa poganizira zimene zingachitike ndodo ija ikagwera m'manja mwa munthu wadyera, popeza ufumu sufunsa mayeso ndipo sukhala ndi tsiku lotha. Kachindamoto adali mmodzi; magulupu ndi nyakwawa m'dziko muno alipo zikwizikwi, ndipo sionse amene ali ndi mtima wake. Tsono funso loyenera si lakuti kodi mfumu ingachite zabwino, koma lakuti kodi mfumu ikalakwa, wolakwiridwayo apita kuti.

Chitsanzo chongoyerekeza chikhoza kuunikira bwino nkhaniyi. Mudzi wina uli pa mtunda wa makilomita 18 kuchokera kuchipatala chaching'ono, ndipo pakati pali mtsinje wopanda mlatho. Gulupu wa kumeneko adasonkhanitsa anthu nalengeza kuti wochirira kunyumba kapena panjira alipira mbuzi. Cholinga chake chidali chabwino, pakuti m'chaka cha 2007 boma lidaletsa azamba kubereketsa amayi, ndipo alangizi a zaumoyo ankapempha mafumu kuti athandize kuti amayi azipita kuchipatala. M'mwezi wa Febuluwale mayi wina wa m'mudzimo matenda amuyamba usiku, masabata awiri tsiku limene adamuuza kusikelo lisadakwane. Achibale amukweza pa ngolo, koma apeza mtsinje utadzaza. Mwana abadwira pagombe. Patangopita sabata, nduna ya mfumu ifika pakhomo kudzakumbutsa za mbuzi.

Pa mlandu umenewu pali mafunso anayi amene wophunzira aliyense wa za ulamuliro ayenera kufunsa. Adapanga lamulo ndani? Ndi gulupu. Woweruza ngati mayiyo walakwa ndani? Ndi gulupu yemweyo ndi nduna zake. Mbuzi ikaperekedwa ilowa m'khola la yani? Ngati palibe buku lolembamo zolowa ndi zotuluka, ilowa m'khola la gulupu, kapena ithera m'mphika pabwalo pomwepo. Nanga banjalo likakana chigamulo lidandaula kuti? Likhoza kupita kwa mfumu yandodo, imene idalonga gulupuyo ndiponso idavomereza lamulolo. Motero munthu mmodzi ndiye wopanga lamulo, woweruza ndi wolandira chindapusa. Ngakhale atakhala wolungama ngati mngelo, dongosolo lotere limamuika pa mayesero, chifukwa mayi aliyense wochirira panjira amasanduka phindu kwa woweruza.

Ndipo kukana si chinthu chapafupi. Banja limene lakangana ndi mfumu limadziwa kuti mawa lidzafuna malo kumanda, lidzafuna kalata ya umboni, lidzafuna kuti dzina lake lisasowe pa mndandanda wa olandira fetereza wotsika mtengo kapena chimanga cha nthawi ya njala. Choncho limagulitsa nkhuku, limakongola ndalama ya katapila, kapena limachita chinthu choopsa koposa: limabisa mwanayo. Pamenepa ndi pamene munthu angazindikirire kuti lamulo labwino lapotoka. Amayi amene achirira kunyumba amaleka kuonekera kuchipatala m'masiku oyamba, amene ndi masiku oopsa kwa mayi ndi khanda, poopa kuti mbiri ikafika kwa mfumu. Katemera amachedwa. Lamulo limene lidabwera kudzapulumutsa moyo limayamba kuthamangitsa anthu amene likadayenera kuwateteza, ndipo olangidwa kwambiri amakhala osauka ndi okhala kutali, amene sadasankhe kukhala kutsidya kwa mtsinje.

Tsono khansala akadachitapo chiyani? Ntchito yake yoyamba ikadakhala kulitenga lamulo la gulupu lija ndi kulipititsa ku khonsolo. Lamulo la 1998 limapatsa khonsolo mphamvu yopanga malamulo aang'ono a m'dera lake, ndipo njira yake ndi yodziwika. Ganizo limakambidwa m'komiti yoyenera, monga ya zaumoyo. Akatswiri a paboma amaliunika ngati silikuwombana ndi malamulo aakulu a dziko. Anthu amapatsidwa mpata woliona. Makhansala amaliponyera voti. Ndipo nduna yoona za maboma aang'ono imalivomereza lisadayambe kugwira ntchito. Njirayi ndi yochedwa, ndipo ambiri amaida chifukwa cha kuchedwako. Koma m'kuchedwa momwemo ndi mmene mumafunsidwa mafunso amene pabwalo la gulupu palibe angayerekeze kufunsa. Kodi wochirira panjira akupita kuchipatala ndi wolakwa? Kodi chindapusa chikhale chofanana m'boma lonse, kapena mudzi uliwonse uzitchula chake? Kodi wolipira alandira lisiti? Kodi ndalamazo zigula chiyani? Kodi nkoyenera nkomwe kulanga mayi, kapena chofunika ndi kumuthandiza kuti afike msanga kuchidikiro? Mwina khonsolo ikadalikana lamulolo, mwina ikadalikonza. Mulimonsemo, anthu akadadziwa amene adakweza mkono, ndipo pachisankho chotsatira akadamufunsa.

Apa ndiye pagona kusiyana kwenikweni kwa mipando iwiriyi. Khansala woipa ali ndi mankhwala ake, ndiwo voti ya zaka zisanu zilizonse. Mfumu yoipa anthu ake sangaichotse ndi voti. Malinga ndi lamulo la 1967, mphamvu yovomereza ndi kuchotsa mafumu akuluakulu ili m'manja mwa mtsogoleri wa dziko, ndipo mswahala wawo umachokera ku boma. Kupatsa mfumu voti m'khonsolo ndiye kuti kupereka mphamvu yogawa ndalama za msonkho kwa munthu amene olipira msonkhowo sangamuchotse, koma amene boma la ku likulu lingamuopseze. Amene amaganiza kuti voti ya mafumu ingakweze mawu a kumudzi aiwala kuti chingwe cha ndodo ya mfumu chimathera ku Lilongwe.

Mbiri ya dziko lino yaonetsa kale zimenezi kangapo. Atsamunda adayamba kugwiritsa ntchito mafumu mwalamulo m'chaka cha 1912, ndipo m'chaka cha 1933 adawapatsa mphamvu zolamulira madera ndi kuweruza milandu, makamaka kuti msonkho uzitoleredwa bwino. Koma Inkosi Gomani yachiwiri itatsutsa chitaganya ndi malamulo a atsamunda a zaulimi m'chaka cha 1953, idachotsedwa pampando. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, makhoti a makolo, mmene munkakhala mafumu, adapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ikuluikulu, ndipo khoti lotere ndilo lidagamula m'chaka cha 1983 kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe, popanda loya wowaimira. Ngakhale m'nthawi ya matipate, m'chaka cha 2002, mafumu ena adaonetsedwa pa wailesi ya boma akuvomereza kuti malamulo asinthidwe kuti mtsogoleri azilamulira kopitirira matemu awiri. Sikuti mafumu onsewa adali oipa mtima. Adali anthu amene mpando ndi mswahala wawo zidali m'manja mwa wowapemphayo. Boma lililonse limene lalamulira dziko lino lapeza kuti nkosavuta kukopa mafumu ochepa kusiyana ndi kukopa anthu onse a m'midzi.

Nanga bwanji makhansala amaoneka ofooka chotere? Yankho lake si chibadwa cha ukhansala ayi, koma zimene maboma adauchita mpandowo. Makhonsolo akale adathetsedwa m'chaka cha 1995, ndipo chisankho cha makhansala chidachitika mu Novembala 2000, pamene anthu 14 okha pa 100 alionse olembetsa ndiwo adakaponya voti. Nthawi ya makhansala amenewo idatha m'chaka cha 2005, ndipo chisankho china chidazengerezedwa mpaka mu Meyi 2014. Kuwerengera bwino, pa zaka 20 zoyamba za demokalase, pafupifupi zaka 14 dziko lidakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe. Mwana amene adayamba sitandade 1 m'chaka cha 2005 adafika kusekondale asadaonepo khansala. M'zaka zonsezo zokambirana za paboma zinkayendetsedwa ndi bwanamkubwa, aphungu ndi mafumu. Ntchito zimene zikadakhala za khansala zidagwera mfumu, ndipo makhansala atabwerera adapeza pampando pawo patakhala kale mwini mudzi. Kunena lero kuti khansala alibe mizu m'mudzi kuli ngati kuzula mtengo kawiri nkumaunyoza kuti subala zipatso.

Ndipo si mafumu amene adaulanda kwambiri mpandowo. M'chaka cha 2010 lamulo lidasinthidwa: mawodi adachepetsedwa, aphungu a Nyumba ya Malamulo adapatsidwa voti m'khonsolo, ndipo mphamvu yosankha bwanamkubwa idapita kwa nduna. Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, limene lidayamba m'chaka cha 2006, lidachititsa kuti anthu aziona phungu ngati mwini milatho ndi midadada ya sukulu. M'chaka cha 2025 khoti lidagamula kuti voti ya aphungu m'khonsolo ndi mphamvu zawo pa thumbalo zinkasemphana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu umene udabwera ndi bungwe la makhonsolo. Izi zikusonyeza kuti mkangano wa mfumu ndi khansala, umene umamveka kwambiri pamaliro ndi pamisonkhano ya chitukuko, nthawi zambiri umakhala wolimbirana nyenyeswa, mkate weniweni uli m'manja mwa ena.

Kubwerera ku mudzi wa kutsidya kwa mtsinje kuja, chimene chikadapulumutsa mayi uja si chindapusa koma mlatho, kapena nyumba yodikiriramo amayi pafupi ndi chipatala. Njira ya mlathowo imasonyeza bwino kuti mfumu ndi khansala sangayende mmodzi popanda mnzake. Pempho limayambira m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene imakhala pa gulupu aliyense. Kumeneko anthu amasanja mavuto awo motsatira kukula kwake. Mndandandawo umapita ku komiti ya chitukuko ya dera, imene imakhala pa mfumu yandodo, ndipo alangizi a boma a m'deralo amathandiza kuunika zimene zingatheke. Kuchoka apo umafika paboma, pamene akatswiri otsogozedwa ndi bwanamkubwa amauphatikiza ndi zopempha za madera ena kukhala pulani ya chitukuko ya boma lonse. Pomaliza khonsolo imaponya voti kuti ndalama zochepa zimene zilipo ziyambire pati.

M'njira yonseyi muli zinthu zimene mfumu yokha ndiyo ingachite. Ndiyo ingaitane anthu nabwera. Ndiyo ingakambirane ndi mwini dimba limene msewu wopita pamlatho udzadutsemo. Ndiyo ingagawe midzi kuti uwu utute mchenga Lolemba, uwo uphwanye miyala Lachiwiri, ndi kudzudzula amene akuzemba. Simenti ikayamba kusowa usiku, mfumu ndiyo imayamba kumva kunong'ona. Khansala amene amadza ndi kontirakitala osadzera kwa mfumu amapeza mchenga kulibe, anthu ali kumunda, ndipo malo amene adasankha ali ndi mlandu wa malire wa zaka makumi awiri. Komanso muli chinthu chimene khansala yekha ndiye angachite, ndicho kuimirira m'chipinda cha khonsolo, kutsutsana ndi makhansala anzake amene akufuna ndalama zomwezo, kuponya voti, ndi kufunsa m'komiti ya zachuma chifukwa chake mlatho wolipiridwa sudathe. Mfumu ikhoza kudandaula m'chipindamo, koma singaletse ndondomeko ya zachuma kudutsa.

Zinthu zimaonongeka pamene mmodzi alowa m'munda mwa mnzake. Malangizo a boma amati makomiti a chitukuko azisankha okha wapampando, mfumu ikhale mlangizi ndi woyang'anira. Koma m'madera ena gulupu amangotchula mayina, komiti nkudzaza ndi adzukulu ake. Zikatero, chizindikiro chake sichisowa: mjigo, chigayo ndi sukulu ya mkaka zonse zimapezeka pafupi ndi nyumba ya mfumu, pamene midzi ya kutsidya ilibe kanthu. Khansala nayenso amalakwa akamajomba misonkhano ya komiti ya dera ponena kuti mfumu ya kumeneko ndi ya chipani china, kapena akasintha malo a chitukuko kuti chipite kumene adapeza mavoti ambiri. Chizindikiro chake ndi chakuti chimene chamangidwa sichipezeka pa mndandanda umene anthu adasanja. Wofuna kudziwa amene wapotoza zinthu safunika kumvera mphekesera. Angoyerekeza zolembedwa za msonkhano wa komiti ya m'mudzi, za komiti ya dera, ndi pulani ya paboma, naona pamene mlatho udasowera. Nchifukwa chake mlembi wa komiti amene amasunga bwino kope lake ndi wofunika kuposa mmene anthu amamuonera.

Ena amati atambala awiri salira m'khola limodzi, choncho mmodzi achoke. Mwambiwu ukunena za atambala olimbirana msoti mmodzi, pamene mfumu ndi khansala sadapatsidwe ntchito imodzi. Lamulo la malo a makolo la m'chaka cha 2016 lidayesa njira ina yosonyeza kuti ufumu ndi chisankho zingakhale m'nyumba imodzi. Lidakhazikitsa komiti ya malo pa gulupu aliyense, gulupuyo nkukhala wapampando, koma mamembala ena asanu ndi mmodzi nkukhala osankhidwa ndi anthu, atatu mwa iwo kapena kuposerapo amayi. Mafumu ambiri adalitsutsa lamuloli poona ngati likuwalanda nthaka, ndipo lidakonzedwanso m'chaka cha 2022. Koma nzeru yake ndi yomveka: chidziwitso cha mfumu chisatayidwe, komanso mfumu isagawe yokha chuma cha anthu onse mseri. Nzeru yomweyi ndiyo ikusoweka pa nkhani ya chindapusa.

Palinso chifukwa china, chokomera mafumu eni ake, chokanira voti ya m'khonsolo. Ulemu wa mfumu umachokera pa kukhala kholo la onse. Pabwalo pake pamakhala wa chipani cholamula ndi wotsutsa, Mkhristu ndi Msilamu, wa gule ndi wa mpingo, ndipo onse amavula chipewa. M'khonsolo voti imagawa anthu pawiri. Tsiku limene Gogo Chalo adzakweze mkono kuti ndalama zipite ku wodi iyi osati iyo, kapena kuti wapampando wa khonsolo akhale wa chipani ichi osati icho, theka la anthu ake lidzamuona ngati mdani. Zipani zidzayamba kulowerera pa kulonga ufumu kuposa mmene zichitira kale, chifukwa ndodo iliyonse idzakhala voti yosatha. Milandu ya ufumu, imene yadzaza kale m'makhoti, idzachuluka. Mfumu yopanda voti imene mawu ake amamveka ndi mbali zonse ili ndi mphamvu yoposa ya mfumu yokhala ndi voti imodzi pakati pa mavoti makumi atatu.

Chofunika kusintha, tsono, si kupereka voti kwa mafumu kapena kuwatulutsa m'chipinda cha khonsolo. Choyamba, lamulo lililonse la m'mudzi lokhala ndi chindapusa liyenera kudutsa ku khonsolo, ndipo limene silidadutseko likhale langizo chabe, lopanda mbuzi. Mafumu akhale oyambitsa malamulo otere, popeza ndiwo amadziwa pamene pakupweteka, koma chilolezo chotenga chuma cha munthu chichokere kwa osankhidwa. Chindapusa chilichonse chikhale ndi lisiti, chilembedwe m'buku la komiti ya chitukuko, ndipo bukulo liziwerengedwa poyera pamsonkhano wa mudzi. Mfumu yoona mtima singaope zimenezi. Zimaichotsera manong'onong'o akuti ikulemera ndi misozi ya anthu ake.

Lamulo la 1967 nalonso lakalamba. Lidalembedwa dziko litangosanduka la chipani chimodzi, ndipo mzimu wa nthawiyo udakali m'menemo. Kuvomereza, kukweza ndi kuchotsa mafumu kusakhale m'manja mwa munthu mmodzi amene ali ndi chisankho choti apambane, ndipo anthu wamba akhale ndi khomo lodziwika lokadandaulirako mfumu ikawapondereza. Malamulo aakulu a dziko a m'chaka cha 1994 adalonjeza nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Seneti, mmene mukadakhala mafumu osankhidwa ndi mafumu anzawo m'boma lililonse, koma idafafanizidwa m'chaka cha 2001 isadakumanepo ndi kamodzi komwe. Amene akufunadi kuti mawu a mafumu amveke pa nkhani za dziko akadayamba kufunsa za nyumba imeneyo, m'malo molimbana ndi kampando ka khansala.

Makhansala nawonso ali ndi ngongole yawo. Kuyambira 2014 zisankho zawo zachitika pamodzi ndi za aphungu, m'chaka cha 2019 ndi cha 2025, kotero chowiringula chakuti mpandowo ndi wachilendo chikutha mphamvu. Khansala wa wodi ya kutsidya kwa mtsinje kuja ayenera kukhala pa msonkhano uliwonse wa komiti ya dera, apite kwa gulupu ndi ulemu wonse woyenera kholo, amve chifukwa chimene lamulo la mbuzi lidabadwira, kenaka anene poyera kuti mayi wochirira pagombe la mtsinje wodzaza sadalakwire munthu. Akatero atenge zinthu ziwiri kupita nazo paboma, lamulo lija kuti likaunikidwe ndi pempho la mlatho kuti likalowe m'pulani, ndipo pamsonkhano wotsatira abwerere kudzauza gulupu ndi anthu ake tsamba limene mlathowo walembedwa, ndalama zimene waikiridwa, ndi mwezi umene mchenga udzafunike.